Munthu akangoti zii pa foni: wasowa kapena akuzirala?

Pa kabenchi kanga ka pa Ngabu, pomwe ndimatchaja ndi kukonza mafoni, pamabwera mafoni ambiri osawonongeka. Mwini wake amafika n'kunena kuti, "Ambwana, tandionereni foniyi, mauthenga sakulowa." Ndimayang'ana netiweki, ilipo. Bandulo ilipo. Mauthenga a gulu la kutchalitchi akulowa, a gulu la banki m'khonde akulowa, ngakhale a m'bale wa ku Joni akulowa. Amene sakulowa ndi a munthu mmodzi yekha. Pamenepo ndimabweza sikuludiraiva m'kabokosi, chifukwa ntchito yatsalayo si ya zida.

Achinyamata amati "wandigosita" pa vuto lililonse lotere, koma pali zinthu ziwiri zosiyana zimene amaziphatikiza m'mawu amodziwo. Pali munthu amene mumacheza naye bwinobwino mpaka Lachiwiri usiku, Lachitatu n'kuzimiririka ngati mzukwa, osatsanzika, osayankhanso chilichonse. Ameneyo ndiye wagosita. Ndiye pali wina amene sachoka tsiku limodzi. Amazirala ngati moto wa chitsa, lero pang'ono mawa pang'ono, amayankhabe koma mayankho ake akupepuka, mpaka tsiku lina umazindikira kuti patha mwezi ukulankhula wekha. Kusiyanitsa awiriwa kuli ndi ntchito yake, chifukwa wozirala ukamufunsa funso amayankha, pomwe wosowa sayankha. Uthenga womaliza umene ungathandize kwa mmodzi ungakhale kutaya bandulo ndi ulemu kwa winayo.

Koma kuno ku Chigwa cha Shire kuli munthu wachitatu, ndipo ndi amene ndimayamba kumufufuza: amene sanasowe, sanazirale, koma foni yake ndi imene yafa. Kuno foni imazima pa zifukwa zambiri. Magetsi akathima, wokhala kutali ndi wa sola amatha masiku awiri foni ili m'thumba ngati mwala. Wopita kukalima ku dimba m'mbali mwa Shire amasiya foni kunyumba. Wina bandulo yamuthera pakati pa mwezi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana ataononga damu la ku Kapichira, magetsi anavuta dziko lonse, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atadutsa, anthu a tsidya la kummawa, madera ngati Makhanga, anakhala osafikirika kupatula pa bwato. Masiku amenewo panabwera mtsikana pano akulira kuti chibwenzi chake chamutaya. Patatha sabata ziwiri mnyamatayo anaimba pa foni yobwereka ali pa msasa, yake itapita ndi madzi. Uthenga wotukwana umene mtsikanayo anali atalemba kale unali ukudikirabe kuti ulowe.

Choncho ndisanaweruze munthu, ndimayamba ndawerenga matiki. Pa WhatsApp tiki imodzi yotuwa imatanthauza kuti uthenga wachoka pa foni yako koma sunafike pa yake. Matiki awiri otuwa ndiye kuti wafika pa foni yake. Awiri a buluu ndiye kuti watsegulidwa. Ukadina uthenga wako n'kuugwira, kenako n'kusankha `Info`, umaona nthawi imene unafika ndi imene unawerengedwa. Anthu ambiri amathamangira nthawi yowerengedwa, koma ine ndimakonda ya kufika, chifukwa imandiuza pamene foni ya munthuyo inali pa intaneti. Ngati mauthenga ako onse a sabata ino akufika pa foni yake mkati mwa mphindi imodzi, nkhani ya magetsi ndi bandulo yatha. Foni ili moyo. Ngati akumafika onse pamodzi madzulo aliwonse cha m'ma 7 koloko, ndiye kuti munthuyo amayatsa intaneti kamodzi patsiku, ndipo kuchedwa kwake kuyankha masana si mlandu.

Matiki a buluu ndi mboni yofooka kuposa mmene anthu amaganizira. Aliyense angathe kuzimitsa `Read receipts`, ndipo akatero mauthenga ako amakhala otuwa ngakhale awawerenge kakhumi, komanso dzina lake silioneka pakati pa amene aona sitetasi yako. `Last seen` nayonso imabisika, ndipo munthu angathe kuibisa kwa iwe wekha ena onse akuiona. Ndiye kusaona buluu sikutanthauza kuti sanawerenge, ndipo kuona buluu sikutanthauza kuti wawerenga iyeyo. Kuno foni imodzi imagwiridwa ndi anthu atatu, ndipo mwana amene akuonera mavidiyo amatsegula uthenga uliwonse wolowa.

Tiki imodzi yokhalitsa ndi imene imasokoneza kwambiri, chifukwa foni yozima ndi kubulokedwa zimaoneka mofanana. Wakubuloka suona chithunzi chake chatsopano, suona `online`, mauthenga ako amaima pa tiki imodzi, ndipo ukamuimbira pa WhatsApp foni silowa. Zonsezi zingachitikenso pa zifukwa zina. Chimene chimatsimikiza ndi gulu. Kubulokana sikukhudza gulu limene nonse muli, ndiye ngati munthu akulemba pa gulu la akwaya mmawa uno pomwe uthenga wako wa dzulo udakali pa tiki imodzi, wakubuloka, palibenso kukayika. Ndipo apa pali chinthu chofunika kwa amene akuganiza zolemba uthenga womaliza: zimene umatumiza uli wobulokedwa sizifika konse, ngakhale adzakutsegulire mtsogolo. Pomwe ngati foni yangozima, uthenga umadikira mpaka masiku 30, ukapanda kufika umafufutidwa. Uthenga wa mtsikana wa nthawi ya Freddy uja unali mkati mwa masiku amenewo.

Chinanso cha kuno kwathu: anthu amawoloka. Wina wapita ku Mozambiki kudzera pa Marka kukagwira ganyu, waika simu ya kumeneko. Ukamuimbira pa nambala yake ya ku Malawi silowa, koma WhatsApp yake imagwirabe ntchito pa nambala yakale malinga ali ndi intaneti. Ndiye ungapeze foni wamba yosalowa koma matiki ali awiri. Munthu wotere sanakuthawe ndi kuzimitsa foni, koma sanganenenso kuti mauthenga ako sakuwaona.

Tsopano nkhani ya mwana wa mchemwali wanga, amene anandilola kuti ndiifotokoze popanda dzina. Amasoka zovala pa Nchalo. Mu Meyi anadziwana ndi mnyamata wina wa ku tsidya amene anabwera kudzagwira ntchito nyengo yodula nzimbe. Anaonana miyezi yonse ya chisanu, ntchito itatha mnyamatayo anabwerera kwawo cha mu Novembala. Pakati pa Disembala mtsikanayo anakwera minibasi kubwera pa Ngabu, anakhala pa benchi langa nthawi yayitali osalankhula, kenako anandipatsa foni.

"Amalume, munthuyu wandigosita."

Ndinayang'ana. Uthenga womaliza wa mnyamatayo unali wa dzana lake. Unali wa mawu amodzi, "bho", koma unalipo.

"Iwe, wogosita sayankha. Uyu akuyankha. Tiye tibwerere mmbuyo."

Tinabwerera sabata zisanu ndi imodzi, ndipo ndinamuuza kuti asiye kuwerenga maola. Iye anali ataloweza pamtima kuti kale ankayankha mkati mwa mphindi zisanu, tsopano amatha maola khumi. Koma nthawi yoyankhira imasintha ndi chilichonse: munthu wachoka pa malo a magetsi kupita kumudzi, nyengo yolima yayamba, bandulo ya sabata yasanduka ya tsiku. Pa zonse zimene ungayeze, imeneyo ndi imene imanama kwambiri. Ndinamuuza tiyang'ane zinthu zina, choyamba chikhale chakuti amayambitsa macheza ndani.

Sabata yoyamba imene tinaona, ali kale kwawo, mnyamatayo ndi amene anayamba kulemba masiku asanu mwa asanu ndi awiri. "Wadzuka bwanji", kapena chithunzi cha chimanga chomera m'dimba. Sabata yachiwiri anayamba masiku atatu. Yachitatu, kamodzi. Kuyambira yachinayi mpaka tsiku limene tinakhala pa benchi, sanayambitsepo. Uthenga woyamba wa tsiku lililonse unali wa mtsikanayo. Iye sanazindikire zimenezi chifukwa tsiku lililonse panali kucheza ndithu, ndipo ukangoyang'ana foni mwachangu umaona mauthenga mbali zonse ziwiri. Sunaone kuti mbali imodzi ikukankha ngolo, inayo yangokwera.

Kenako tinayang'ana mafunso. Munthu amene akufuna kuti macheza apitirire amasiya pogwira. Amafunsa kuti makasitomala a yunifolomu abwera, amafunsa za amayi amene ankadwala. M'sabata ziwiri zoyambirira mnyamatayo ankatumiza mavoisi a mphindi yathunthu, ndipo pafupifupi lililonse linkatha ndi funso. Pofika sabata yachinayi mavoisi anatha. Otsala anali "ok", "bho", "zili bwino", "ndili bize". Ndinamusonyeza malo amodzi pomwe iye analemba kuti makina ake osokera awonongeka ndipo akhala masiku atatu osagwira ntchito. Yankho linali "pepa". Osafunsa chawonongeka n'chiyani, osabwereranso ku nkhaniyo mawa lake. Mayankho otere amatseka chitseko mwaulemu. Palibe chimene ungamuimbe nacho mlandu, ndipo n'chifukwa chake kuzirala kumazunza kuposa kusowa. Ukadandaula amakuuza kuti "koma ndimakuyankhatu", ndipo akunena zoona.

Chachitatu chinali malonjezo okumana, ndipo apa mpamene nkhope ya mtsikanayo inasintha. Kumayambiriro kunali tsiku ndi malo: "Ndiwoloka Loweruka, tikumane pa Bangula." Lowerukalo litalephereka anapereka chifukwa, koma m'malo mwa tsiku lina anati "sabata yamawa". Sabata yamawayo inasanduka "Khirisimasi isanafike". Lomaliza linali "tiona". Tsiku linachoka, kenako sabata inachoka, kenako mwezi, mpaka panatsala mawu opanda nthawi.

Apa ndiye pagona kusiyana kwa munthu wozirala ndi munthu wotanganidwa, kapena amene wagwa m'mavuto. Wotanganidwa mauthenga ake amachepa, koma sapepuka. Angathe kukhala masiku atatu osalemba, koma akalemba amatchula chomwe chamugwira, amakumbukira zomwe unamuuza, ndipo akalephera Loweruka lino amapereka lina lokhala ndi deti. Wozirala zonse zimatsikira pamodzi, kuchuluka ndi kulemera komwe. Ndaonapo anthu a maliro kapena odwazika matenda ku chipatala akulemba "ok" kwa sabata ziwiri, ndiye sindiweruza ndi sabata imodzi kapena ziwiri. Koma sabata zisanu ndi imodzi zotsika mofanana, pa zinthu zitatu zonse, popanda chifukwa chotchulidwa, si mvula kapena dimba.

Panatsala kuyesa kumodzi, ndipo n'kosalira ndalama. Ndinamuuza kuti asiye kuyamba. Osamukwiyira, osasintha chithunzi, osaika sitetasi ya mawu obaya, kungosiya kukhala woyamba. Akalemba umuyankhe bwinobwino. Anandifunsa kuti mpaka liti, ndinati sabata imodzi ikwanira, popeza anthu amene ankalemberana tsiku ndi tsiku sangathe sabata osazindikira kuti mnzawo wakhala chete.

Panapita masiku asanu ndi anayi. Tsiku lakhumi kunabwera mawu amodzi: "Wasowatu."

Anandiimbira akuseka ndi chimwemwe, ndipo zinandipweteka kumuuza kuti mawu amenewo ndi siginecha ya wozirala. Wogosita salemba "wasowatu". Wotanganidwa salemba "wasowatu" yekhayekha, amawonjezera nkhani. Amene amalemba mawu amodziwo ndi munthu amene sakufuna kubwera koma sakufunanso kuti chitseko chitsekedwe, kaya chifukwa choopa kuoneka woipa, kaya chifukwa nyengo ya nzimbe idzabweranso ndipo ndi bwino kukhala ndi pofikira pa Nchalo. Sindikunena kuti onse amachita dala. Ambiri amangoopa kunena kuti "sindikufunanso", ndipo amadziuza kuti kuzirala n'chifundo. Koma kwa wolandirayo zotsatira zake n'zimodzimodzi: mawu amodzi aja amabweza wotchi pa ziro, n'kuyambanso kudikira sabata zina zisanu ndi imodzi.

Ndiye funso linafika lakuti atumize uthenga womaliza kapena ayi. Anali atalemba kale wake usiku, kutentha kwa Disembala kutamulanda tulo. Unali wa ndime zinayi. Unayamba ndi tsiku lomwe anakumana, unadutsa pa malaya amene anamusokera ulere, unafika pa mafunso asanu ndi awiri otsatizana, unatha ndi "Mulungu akuona". Ndinamufunsa funso limene ndimafunsa aliyense wofika pamenepa: uthengawu ukapita, n'kuonetsa matiki a buluu, n'kungokhala choncho mpaka kalekale, udzakhala bwino kapena moipa kuposa mmene ulili pano? Anaganiza, nati moipa. Uthenga wotere si womaliza ayi. Ndi pempho lovala malaya a kutsanzika, ndipo wolitumiza amakhala akuyang'ana foni kuposa kale.

Koma sindinamuuze kuti asalembe kanthu. Kwa wozirala, makamaka amene mwakhala naye miyezi ingapo maso ndi maso, uthenga umodzi uli ndi phindu, chifukwa munthuyo amayankhabe, ndipo mwina sanafunsidwepo molunjika. Chofunika n'chakuti ukhale waufupi, unene zomwe waona popanda kumuuza zomwe zili mumtima mwake, ndipo ufunse funso limodzi lokha. Mafunso asanu ndi awiri amamupatsa mwayi wosankha losavuta n'kusiya ena onse. Tinagwirizana pa mawu awa:

"Ndaona kuti kuyambira Novembala machezedwe athu asintha, ndipo sitinaonanenso. Ngati maganizo ako asintha ndiuze, sindikangana nawe. Ngati sanasinthe, ndikhala pa Bangula Loweruka likubwerali, tikumane."

Gawo lomalizalo ndi limene linagwira ntchito yonse. Ukafunsa wozirala kuti "kodi umandikondabe?", yankho limakhala lokoma nthawi zonse, chifukwa kunena "eya" n'kwaulere. Ukamupatsa tsiku ndi malo, ayenera kuvomera, kapena kupereka tsiku lina, kapena kuzemba, ndipo kuzemba kumaoneka. Asanatumize ndinamuuza kuti tigwirizane tsopano, mtima usanalowererepo, kuti yankho lililonse lopanda tsiku tiliwerenga ngati "ayi". Izi ziyenera kugamulidwa uthenga usanapite. Ukadikira yankho libwere kaye, udzalipezera tanthauzo lomwe ukulifuna.

Anatumiza masana, osati usiku. Yankho linabwera madzulo: "Ayi bebi palibe vuto, ndangotanganidwa ndi kumunda. Za Loweruka tiona." Mawu okoma, dzina lachikondi, chifukwa chomveka, koma tsiku palibe. Anandiwerengera kawiri pa foni, kachiwiriko pang'onopang'ono, ndipo sindinafunike kumuuza kanthu.

Kwa wosowa mwadzidzidzi nkhani imayenda mwina. Chizindikiro chake n'chakuti palibe kutsetsereka. Ukabwerera mmbuyo m'macheza upeza sabata yomaliza ili yotentha ngati yoyamba, kenako phompho. Mnyamata wina wa kabaza anandisonyeza zotere: Lachiwiri usiku akukambirana za nsalu yoti akagule, Lachitatu matiki awiri opanda yankho, Lachisanu mtsikanayo akuika sitetasi ali pa ukwati wa mnzake. Sitetasi imakhala maola 24 okha, ndiye ukaona yatsopano ukudziwa kuti foni ili m'manja ndipo bandulo ilipo. Kuduka kotere nthawi zambiri kumakhala ndi chochititsa cha tsiku limodzi, ndipo kawirikawiri chimakhala kunja kwa macheza anuwo. Wina wagwidwa ndi mwini wake amene iwe sunkadziwa kuti alipo. Wina makolo amuletsa. Wina wamva nkhani ya iwe pa msika. Nthawi zina chochititsacho chili m'macheza momwemo, ndipo ndi bwino kuwerenga mauthenga asanu omaliza moona mtima: kodi munapemphana ndalama, kodi wina anatchula za ankhoswe, kodi unapempha chithunzi chimene sunayenera kupempha?

Kwa munthu wotere ndimalola uthenga umodzi, pakapita masiku atatu kapena anayi, ndipo usakhale wotsanzika koma wofunsa moyo: "Sindinakumve kuyambira Lachiwiri, uli bwino?" Chifukwa chake n'chakuti kuno anthu amagwadi m'ngozi, amagonekedwa ndi malungo, amaberedwa mafoni pa depoti. Ngati uthengawo wafika, sitetasi zikusintha, sabata n'kutha popanda yankho, yankho walandira kale. Wachiwiri ndi wachitatu sudzabweretsa chomwe woyamba walephera. Ndipo chifukwa chimene ukuchifunacho, chakuti "ndinalakwa chiyani", munthu amene wasankha kuthawa m'malo molankhula ndi womaliza amene angakupatse.

Pali nthawi zimene sindilola ngakhale umodzi womwewo. Ngati wakubuloka, uthengawo sufika, ndipo kumulondola pa nambala ya mnzako kapena pa SMS ndi kukankha chitseko chimene mwini watseka. Ngati munangodziwana pa foni sabata ziwiri osaonanapo, palibe chotsanzikira. Ndipo pali nkhani ina imene anyamata sakonda kuimva pa benchi langa. Ndikabwerera mmbuyo m'macheza awo, nthawi zina ndimapeza kuti mtsikanayo ananena kale, kawiri, kuti sakufuna, mwaulemu wa kwathu kuno: "ndili ndi zambiri zoganiza", "tikhale ngati achibale". Mnyamatayo anapitiriza, mtsikanayo n'kukhala chete. Amene uja sanagosite. Anatsanzika koma sanamvedwe. Chimodzimodzinso munthu amene wakhala chete chifukwa anaopsezedwa kapena kumenyedwa: alibe ngongole ya uthenga uliwonse kwa amene anamuopsezayo.

Mbali inayo, pali nkhani zimene sungangozisiya zife, koma zimenezo n'zimenenso siziyenera kutsalira pa foni. Ngati munthu wasowa ndi ndalama zako, uthenga ndi wofunika, koma ukhale wa ndalama basi: kuchuluka kwake, tsiku lomwe unatumiza, tsiku lomwe ukufuna zibwere, ndipo usunge uthenga wotsimikizira wa Mpamba kapena Airtel Money. Osasakaniza ngongole ndi misozi mu uthenga umodzi, chifukwa adzayankha za misozi n'kuiwala ngongole, kapena sadzayankha zonse ziwiri. Ngati pali pathupi, kapena panali chitomero, kapena akwawo anayamba kale kupereka kanthu kwa akwanu, nkhaniyo yakula kuposa matiki. Imeneyo ndi ya ankhoswe ndi amalume. Munthu amene angathe kunyalanyaza mauthenga makumi awiri sanganyalanyaze akulu awiri atakhala pa mphasa pakhomo pa amayi ake.

Chomaliza chimene ndimakumbutsa aliyense asanadine: uthenga ukapita suli wakonso. `Delete for everyone` imagwira kwa masiku awiri okha kapena kupitirira pang'ono, imasiya chizindikiro chakuti wafufuta kanthu, ndipo sichotsa zomwe munthu wawerenga kale kapena kujambula. Voisi yolira imatha kutumizidwa ku gulu la anyamata a pa bawo. Foni ingakhale m'manja mwa mlongo wake kapena mkazi amene sumamudziwa. Mawu afupi aja amene tinalemba ndi mwana wa mchemwali wanga ndinawayesa motero: kodi atawerengedwa mokweza pa msika wa Nchalo, angachite manyazi? Ndime zinayi zija sizikanapambana mayeso amenewo.

Loweruka lija sanapite ku Bangula. Sanabuloke munthuyo, anangoika macheza awo ku `Archived` kuti dzina lake lisamakhale pamwamba nthawi iliyonse akatsegula foni kufuna kuyankha kasitomala. Kumapeto kwa Januwale anabwera pa Ngabu kudzagula ulusi, nadutsa pa benchi langa kuti nditchaje foni. Anandisonyeza uthenga wa sabata yapitayo, wochokera ku nambala ija. "Wasowatu."

"Ndiye unamuyankha chiyani?"

"Ndinati ndilipo, amalume."

Pansi pa mawu akewo panali matiki awiri a buluu, ndipo panalibenso china.